Kukonza Pang'ono

Kuofesi ankamutcha Mwachidule, ndipo dzinalo linamukhala ngati jekete yochita kumuyeza. Ukamufunsa kuti wadzuka bwanji, ankangokweza chala chachikulu. Pa ukwati wake atamupatsa chimkuzamawu kuti athokoze anthu, anaimirira, anati "Zikomo," n'kukhala pansi. Apongozi ake aakazi, amene anabwera ndi mpango wopukutira misozi, mpaka lero nkhani imeneyo sanaiiwale.

Khalidwe limeneli anatengera bambo ake, amene ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo ya nsalu. Mkuluyo sankauza munthu chimene chinaonongeka. Ankangoyatsa wailesiyo, ikalira, n'kuipereka kwa mwini wake. Ankati wantchito wolongolola ndiye kuti pali chimene akubisa. Mwachidule anakulira pa benchi imeneyo, akununkhiza utsi wa chowotcherera mawaya, ndipo ngakhale anapita kusukulu n'kukhala wolemba mapulogalamu a kompyuta, mtima wake unatsala pomwepo. Kwa iye ntchito yabwino inkayenera kulira yokha ngati wailesi.

Ankagwira ntchito ku kampani yaing'ono imene inali pamwamba pa sitolo ya matayala. Chipinda chinali chimodzi, matebulo ataliatali, mawaya ali pansi balala, ndi ketulo imene aliyense ankaisiya yopanda madzi. Pulogalamu yawo inkagwiritsidwa ntchito m'zipatala zing'onozing'ono posunga mbiri ya odwala: dzina, tsiku lobadwa, nambala ya foni, matenda, mankhwala. Ngati thupi la munthu limakana mankhwala ena ake, pamwamba pa tsamba lake pankatuluka chenjezo lofiira, loti dokotala sangaliphonye ngakhale atatopa bwanji.

Pantchito yotere munthu sumangolowa m'pulogalamu imene anthu akugwiritsa ntchito n'kuyamba kusintha. Umakopera khodi, malangizo olembedwa amene amayendetsa pulogalamuyo, kumbali, pa nthambi yakoyako, n'kusintha kumeneko. Ukamaliza umatsegula chimene amati pulu rikwesiti, pempho loti anzako aunike zimene wachita zisanaphatikizidwe ndi pulogalamu yaikulu. Pamwamba pake pamakhala mutu. Pansi pa mutu pali malo oti ufotokozepo. Mmunsi ndiye muli mizere ya khodi, yofiira imene wachotsa, yobiriwira imene waonjezera.

Malo ofotokozera aja Mwachidule ankawasiya mbee. Mutu wokha ankalemba, ndipo nthawi zambiri unali umodzimodzi: "Kukonza pang'ono." Mwayi wake unali wakuti womuunikira anali mnzake wa pa tebulo loyandikana, munthu wonenepa wokonda kuseka, amene ankamutcha Zilibwino chifukwa ndiwo mawu okha amene ankalemba povomereza. Awiriwa anakhalitsana zaka. Zilibwino ankati kuwerenga khodi ya Mwachidule n'chimodzimodzi kulawa mchere kuti uone ngati uli ndi mchere. Ndipo kunena zoona, khodi yake inali yaudongo. Ichi ndicho chinkapweteka anthu, chifukwa munthu wodzidalira amakoma kumudzudzula akamalakwitsa.

Kunyumba anali bambo a mapasa, atsikana awiri amene anali atangoyamba sukulu, ofanana moti aphunzitsi ankawasiyanitsa ndi mtundu wa riboni. Pakhomo ankangoti Wamkulu ndi Wamng'ono. Wamng'ono ali wakhanda woyamba kuyenda anapatsidwapo penisilini, ndipo nkhope inatupa, mpweya n'kumatuluka ngati wa m'bango. Anapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Chichokereni tsiku limenelo, pa tsamba lake ku chipatala cha m'dera lawo panali chenjezo lofiira lija, ndipo chipatalacho chinkagwiritsa ntchito pulogalamu ya bambo ake omwe. Mwachidule sankanena, koma zinkamukomera kumtima. Ankaona ngati mwana wake wamumangira mpanda ndi manja ake.

Mmawa wa tsiku lina, Wamng'ono anadzuka akulira khutu. Mayi ake, amene anali mphunzitsi, anali ndi ntchito yoyang'anira mayeso, kumene foni amaitsekera m'kabati mpaka ana atatuluka. Ndiye anagwirizana kuti mwanayo apite kuchipatala ndi azakhali ake, mlongo wake wamkulu wa Mwachidule, amene anali atabwera kudzacheza masiku omwewo.

"Bambo a mapasa, achemwali mwawauza za mankhwala aja?" anafunsa mkazi wake ali pakhomo, nsapato imodzi ili kumanja.

"Zili m'kompyuta," anatero Mwachidule, n'kunyamula chikwama.

Kuofesi kunali kutabwera mkulu watsopano wa gulu lawo, mayi wamng'ono thupi, wa magalasi, amene pasanathe sabata anali atapatsidwa kale dzina lakuti Mafunso. Iyeyu anakhazikitsa lamulo lakuti pulu rikwesiti yopanda kufotokoza saiona n'komwe. Mmawa umenewo Mwachidule atatsegula kompyuta anapeza yake, imene anatumiza dzulo lake, itabwezedwa. Mafunso anali atalemba pansi pake: "Chasintha n'chiyani ndipo chifukwa chiyani? Chingaonongeke n'chiyani? Ine ndiyese bwanji? Zikavuta tibweza bwanji?"

Mwachidule anatsonya, nanyamuka kupita pa tebulo la mayiyo.

"Abwana, khodi ili pomwepo. Mayeso onse a pulogalamu adutsa, pali pobiriwira."

"Ndaona," anatero Mafunso osakweza mutu. "Koma mayesowo analemba ndinu. Amangofunsa zimene inuyo munaganiza kufunsa. Khodi ikundiuza chimene mwachita, sikundiuza chimene mumaopa pochita."

"Sindimaopa kanthu."

"Ndiye kalembeni zimenezo, musainire."

Zilibwino anaseka mpaka mpando unalira. "Achimwene, lero mulemba chimangirizo ngati mwana wa sukulu! Ndikubwerekeni cholembera?"

Mwachidule anakhala pansi nkhope ili ndwii. Mbali yoyamba sinavute. Makalaliki a m'zipatala, mzere ukatalika, ankalembetsa munthu mmodzi kawiri kapena katatu m'malo momufufuza, ndiye mbiri yake inkamwazikana. Mwezi wapitawo iye anali ataika lamulo m'pulogalamu: anthu awiri akafanana nambala ya foni, dzina la bambo ndi tsiku lobadwa, ameneyo ndi munthu mmodzi, onetsa tsamba limene linalembedwa poyamba, linalo ulibise. Dzina loyamba analisiya dala, chifukwa munthu yemweyo lero atchula la kunyumba, mawa la kusukulu, ndipo kalaliki aliyense amalemba mwakemwake. Lamulo limenelo linali likugwira kale ntchito m'zipatala. Pulu rikwesiti yobwezedwayi inali yongomalizitsa: kufufutiratu masamba obisika aja kuti pulogalamu ipepuke.

Analemba zimenezi m'mizere yochepa, ndipo anadabwa kuti sizinamuphe. Pa funso la zoopsa analemba liwu limodzi: "Palibe." Pa funso la kubweza anaima pang'ono. Chofufutidwa sichibwerera pongobweza khodi. Pamafunika kukatenga kope la zosungidwa za dzulo, ndipo zonse zolembedwa pakatipo zimakhala pa chiswe. Anakanda chibwano, nalemba zimenezo monyinyirika. Ndiye linatsala funso la kayesedwe.

Apa m'pamene panali ntchito, chifukwa sungangolemba kuti "yesani." Wounika ayenera kutha kutsatira yekha iwe kulibe: atsegule pati, alembe chiyani, ayembekezere kuona chiyani. Mwachidule anatsegula pulogalamu yoyeserera, ya odwala ongopeka, nayamba kuchita yekha uku akulemba. Choyamba, lembetsani munthu mmodzi kawiri. Mufufuzeni, atuluke mmodzi. Zinatheka. Kenako anaganiza kuti mayi uja afunsa ndithu za anthu osiyana ogwiritsa ntchito foni imodzi, ndiye ndi bwino kumutseka pakamwa asanafunse. Lembetsani banja la foni imodzi, onse atuluke. Posafuna kuvutika ndi kupeka mayina, analemba a kunyumba kwake. Mkazi wake. Iye mwini. Wamkulu. Wamng'ono, ndi chenjezo lake lofiira, pakuti zala zinali zitazolowera.

Analemba nambala ya foni m'bokosi lofufuzira, nadina.

Panatuluka anthu atatu.

Anafufuzanso. Atatu. Iye, mkazi wake, ndi Wamkulu, tsamba lake lili loyera bwino, lopanda chofiira chilichonse. Wamng'ono kunalibe. Foni imodzi, dzina la bambo limodzi, tsiku lobadwa limodzi. Pulogalamu inachita ndendende zimene anaiuza.

Munthu amene mmawa uliwonse ankamanga mariboni a mitundu iwiri, amene anagula nsapato ziwiriziwiri, mabedi awiri, mbale ziwiri, anakhala pansi n'kulemba lamulo loti padziko pano kulibe mapasa! Akanamuuza wina kuti mnzake wachita zimenezi akanaseka. Anayang'ana liwu lija "Palibe" lili phee pamwamba pa zimene ankalemba, ndipo anachita nalo manyazi.

Kenako chachiwiri chinamugwera, ndipo chimenechi n'chimene chinamuimiritsa mpando n'kugwa chagada. Kubisako sikunali m'pulu rikwesiti yatsopanoyi. Kunali m'ya mwezi watha, imene inali ikugwira kale ntchito. Ndipo Wamng'ono nthawi yomweyo anali pa mzere kuchipatala, khutu likuwawa, ali ndi azakhali amene sanauzidwe kanthu.

"Achimwene, kwagwanji?" anafunsa Zilibwino, kuseka kutathawa.

"Mapasa," anatero Mwachidule. "Ikudya mapasa."

Anaimbira mlongo wake. Foni inaitana mpaka kudukira yokha. Ankaidziwa foni imeneyo, inkakhala pansi penipeni pa chikwama, itakulungidwa m'kampango. Anaimbira mkazi wake, yozimitsa. Mafunso anali atafika kale kumbuyo kwake, akuyang'ana anthu atatu aja pa sikirini, ndipo atamuuza za Wamng'ono sanafune kuuzidwa kawiri.

"Lamuloli linalowa liti? Ndionetseni."

Mwachidule anatsegula mbiri ya khodiyo, napeza pulu rikwesiti ya mwezi watha. Mutu wake: "Kukonza pang'ono." Malo ofotokozera: mbee. Pansi pake: "Zili bwino." Mizere yofiira ndi yobiriwira inali yambirimbiri, chifukwa tsiku limenelo anaunjikamo zinthu zosagwirizana, za kusindikiza mapepala a mankhwala, za tsamba lolowera, ndi lamulo lija lili pakati ngati mwala mu mpunga.

"Ndikaibweza yonseyi, chithyoke n'chiyani?" anafunsa Mafunso. "Zipatala zili pakati pa ntchito. Sindingazimitse posindikiza mankhwala osadziwa."

Mwachidule anayang'ana mizereyo. Sankakumbukira. Zimene ankadziwa tsiku lija anazisunga m'mutu, ndipo mutuwo unali utazitaya kalekale.

Mafunso anatembenukira kwa Zilibwino. "Nanga inu munavomereza, munaona chiyani?"

Zilibwino anayang'ana pansi. "Mayi, ine ndinaona dzina la mwini wake."

"Khalani apo muwerenge mzere ndi mzere, mupatule lamulo lokhalo. Ine ndikuimbira zipatala kuti asakhulupirire sikirini, azifunsa pakamwa. Inu bambo, mwana ali kuti?"

"Kuchipatala cha kwathu."

"Ndiye mukudikira chiyani pano? Thamangani!"

Masitepe anatsika osawaona. Panja pa sitolo ya matayala anakwera njinga yamoto osafunsa mtengo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake analankhula njira yonse, akuuza woyendetsa kuti adutse apa, akhotere apo, asaime. Pa mphambano panali lole itafa, magalimoto atathithikana. Woyendetsa anakwera m'mbali mwa msewu, amayi ogulitsa zipatso akutukwana. Foni ya Mwachidule inali kukhutu, ikuitana m'chikwama cha mlongo wake kwinakwake, popanda woimva. Ankadziuza kuti dokotala afunsa, madokotala amafunsa. Koma afunsa ndani? Azakhali akanayankha kuti sakudziwa za vuto lililonse, ndipo sikirini ikanawavomereza.

Anawapeza panja pa chipatala, pa benchi ya simenti pansi pa mtengo. Mlongo wake anali akutseka kabotolo ka mankhwala amadzi, kasupuni kapulasitiki kali pamwendo, konyowa. Wamng'ono anali chikhalire pambali pake akugwedeza miyendo.

"Achimwene! Mwathawa ntchito?" anatero mlongoyo mosangalala. "Tathandizidwa kale. Ndati ndimumwetseretu konkuno, kunyumba n'kutali. Wamwa bwinobwino, sanavute."

Mwachidule anatsomphola botololo. Amokisilini. Ankadziwa, monga kholo lililonse la mwana wotere limadziwira, kuti ameneyu ndi penisilini yemweyo, wa banja limodzi.

"Wamwa liti?"

"Posachedwapa. Bwanji kodi? Mukundiopseza."

Mwachidule anagwada n'kumugwira mwanayo nkhope. Wamng'ono ankadzikanda pakhosi. M'khosi monse munali mutatuluka zidzolo, ndipo mlomo wapamwamba unali utayamba kukula.

"Adadi, lilime likundilemera," anatero mwanayo.

Anamunyamula n'kuthamangira mkati, akukuwa mawu amene anthu a kuofesi sakanakhulupirira kuti ali nawo. Anadutsa mzere wonse, anakankha chitseko, akufuula kuti penisilini, mwana amakana penisilini! Namwino wina wachikulire anangoyang'ana milomo ya mwanayo kamodzi, namulanda. Anamugoneka, anamubaya jakisoni wa adirenalini pantchafu, wina akubwera ndi botolo la mpweya. Mwachidule anakankhidwira kukhoma. Anaima pamenepo akumva kaphokoso kaja ka m'bango, kamene ankaganiza kuti sadzakamvanso, kenako anakhala pansi pa simenti. Mlongo wake anali pakhomo manja ali kumutu, akungobwereza kuti, "Ine ndamupha mwana, mayo ine, ndamupha ndi dzanja langa."

Sizinatenge nthawi yaitali, ngakhale kwa iye zinali ngati chaka. Kaphokoso kaja kanayamba kuchepa. Mwanayo anakoka mpweya wonse, natsokomola, nayamba kulira mokweza, ndipo namwino uja anati kulira kumeneko ndiye kwabwino.

Dokotala amene analemba mankhwalawo, bambo wa imvi za m'mbali, anatuluka nkhope itagwa. Anamutengera Mwachidule pa kompyuta ya m'chipinda chake.

"Bambo, taonani nokha. Ine ndinayang'ana. Ndinafunsanso mayiwa, anati sakudziwa vuto lililonse. Chenjezo palibe apa. Uthenga wochokera kwa eni pulogalamuwa wandipeza nditalemba kale. Anthu amenewa atiphetsa ndithu. Kaya amakhala akuganiza chiyani."

Mwachidule anayang'ana tsamba loyera la Wamkulu. Akanatha kungogwedeza mutu n'kutuluka, ndipo dokotalayo sakanadziwa mpaka kalekale.

"Ndine," anatero. "Ndinalemba ndine."

Dokotala anamuyang'ana kukamwa kuli yasa, kenako anayang'ana kuchitseko kumene kunali mwana.

Mkazi wake anafika mayeso atatha, choko chikadali m'manja. Anaona mwana kaye, anamupsompsona, anamufunditsa bwino. Kenako anatuluka pakhonde pamene panali mwamuna wake, namumvetsera mpaka kumapeto, chifukwa ulendo uno anafotokoza zonse. Sanakuwe. Zikanakhala bwino akanakuwa.

"Ndinakufunsani mmawa," anatero. "Mawu angati akanakwana? Achemwali, mwanayu asamwe penisilini. Akanakutherani malovu?"

Wamng'ono anamugoneka kuti amuone mpaka mawa lake. Madzulo asanafike Mafunso anatumiza uthenga kuti lamulo lija alichotsa, masamba obisika abwerera, ndipo Zilibwino sanadzuke pampando tsiku lonse, ngakhale kukadya. Anaonjezera kuti mwayi ndi wakuti pulu rikwesiti yofufuta ija inali isanalowe. Ikanalowa, Wamng'ono ndi mapasa ena onse a m'zipatala zonse zija akanafufutika, ndipo chenjezo lililonse limene linali pa masamba awo likanapita nawo.

Mmawa mwake dzuwa litalowa pawindo la chipinda cha ana, Mwachidule anakhala pampando wachitsulo pambali pa bedi, kompyuta ili pamaondo. Palibe anamutuma. Pulu rikwesiti yofufuta ija anaitseka, natsegula ina. Mutu wokha unamutengera nthawi: "Kusiya kubisa odwala ongofanana foni, dzina la bambo ndi tsiku lobadwa, kalaliki azisankha yekha." Kenako analowa m'malo aja amene kwa zaka zonsezi ankawalumpha.

Analemba kuti lamulo lakale linkatenga mapasa ngati munthu mmodzi, ndiponso okalamba a nyumba imodzi amene sadziwa tsiku lawo lobadwa, amene makalaliki amangowapatsa tsiku loyamba la chaka. Tsopano pulogalamu izionetsa onse ofanana, ndi machenjezo awo, n'kufunsa kalaliki ngati alidi munthu mmodzi. Pa zoopsa analemba kuti mzere ukhoza kuchedwerapo, kuti kalaliki wotopa akhoza kuvomera osawerenga, ndipo chifukwa cha ichi kuphatikiza sikuzifufuta kanthu, kuzitheka kumasulidwa. Analembanso chimene chinkamuwawa kwambiri: m'mwezi umene lamulo linkagwira ntchito, matenda ndi mankhwala a mapasa ena analembedwa pa masamba a abale awo, ndipo kusintha kumeneku sikukonza zimenezo, pakufunika kufufuza masamba amenewo ndi kuuza zipatala. Pa kubweza analemba kuti khodi yokha ndiyo ikusintha, zosungidwa sizikukhudzidwa, ndiye kuibweza n'kosavuta. Pa kayesedwe anati: lembetsani ana awiri, foni imodzi, dzina la bambo limodzi, tsiku limodzi, wachiwiri mumuikire chenjezo, fufuzani ndi nambala ya foni, atuluke awiri, chofiira chioneke. Anaonjezera mayeso odziyendera okha a nkhani yomweyo. Pomaliza analemba chimene sanayese, kuti sanaone mmene zikuonekera pa makompyuta akale a sikirini yaing'ono, ndipo anapempha kuti wina aone.

Anatumiza kwa Mafunso ndi kwa Zilibwino. Patapita nthawi Zilibwino anayankha, ndipo sanalembe mawu ake aja. Analemba kuti watsatira zonse, ana atuluka awiri, koma pa sikirini yaing'ono chenjezo la wachiwiri likubisika mpaka utatsitsa tsamba. Mwachidule anawerenga, nayamba kukonza.

"Adadi, mukulemba chiyani chachitali choncho?"

Wamng'ono anali atadzuka. Milomo inali itaphwa, koma maso anali akadali otupa pang'ono, riboni yake yachikasu itapendekeka.

"Za kuntchito, mwanangu. Khutu likupweteka?"

"Pang'ono." Anasewera ndi ngodya ya bulangeti. "Adadi, dzulo amalume a pawindo lolembetsera aja anandiitana dzina la Wamkulu."

Zala za Mwachidule zinaima pa mabatani.

"Ndiye unati chiyani?"

"Ndinati si ine, ameneyo ali kusukulu. Azakhali anali akufufuza foni m'chikwama, sanamve. Amalumewo anaseka, anati ana inu mumakonda kusinthasintha mayina, kompyuta ikuti ndiwe, ndipo kompyuta sinama."

"Bwanji sunalimbikire, mwanangu? Bwanji sunakuwe?"

Mwanayo anamuyang'ana modabwa, ngati wafunsidwa chinthu chimene aliyense amadziwa.

"Ndimafuna kukuwa. Koma ndinakumbukira kuti kompyutayo munapanga ndinu. Ndiye ndinangokhala chete."

Mwachidule anatseka kompyuta, naiika pansi pa mpando. Anafuna kuyankha, ndipo ulendo uno mawu ankawafunadi, ambiri. Anawerama n'kuyamba kumumanga bwino riboni ija, ndipo mwanayo anapendeketsa mutu kuti bambo ake amange bwino.